Google, Nominatim kapena GPS ya foni: kadontho ka adiresi kamagwera pati?

Mukapereka adiresi kuti isanduke latichudi ndi longichudi, mumalandira manambala ataliatali ooneka ngati achita kuyezedwa pakhomo penipeni. Musakopeke ndi kutalika kwakeko. Digiri imodzi ya latichudi ndi makilomita pafupifupi 111, choncho 0.00001 ndi mita imodzi ndi kakanyenyeswa. Koma makina akhoza kukupatsani manambala onsewo chikhalirecho kadontho akaika pakati pa tauni.

Google Geocoding API, chida cha Google chosandutsa adiresi kukhala manambala amenewa, ndimaikonda pa chinthu chimodzi: imaulula mmene yapezera malowo. Yang'anani `location_type` pa yankho lililonse. `ROOFTOP` ndiye kuti yapeza nyumba yeniyeniyo. `RANGE_INTERPOLATED` ndiye kuti yangoyerekezera pakati pa manambala awiri a nyumba omwe ikuwadziwa. `GEOMETRIC_CENTER` ndi pakati pa msewu kapena pa dera, ndipo `APPROXIMATE` ndi kungoloza chakumeneko. Kuipa kwake, mukaigwiritsa ntchito kwambiri mumalipira, komanso malamulo ake salola kusunga manambalawo mpaka kalekale.

Nominatim imadalira mapu a OpenStreetMap, omwe amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka. Ndi yaulere, koma seva yake ya aliyense imalola funso limodzi pa sekondi. Kumene anthu anajambula nyumba imodziimodzi imalondola bwino zedi. Kumene sanafike, imakupatsani msewu kapena tauni yonse mosachenjeza mokweza. Muyenera kuona nokha `place_rank`: 30 ndi nyumba, 26 kapena 27 ndi msewu, 16 ndi mzinda. `boundingbox` nayo imathandiza, chifukwa bokosi lotambalala makilomita angapo silingakhale nyumba.

Kuyerekezera kuja kwa `RANGE_INTERPOLATED` ndi kumene kumapusitsa ambiri, ndiye tiyeni tikuone bwino. Tinene kuti msewu ndi wotalika kilomita imodzi, ndipo mbali imodzi ili ndi manambala kuyambira 2 mpaka 100. Makina amatenga ngati mapuloti onse ndi ofanana, ndiye nyumba nambala 50 amaiika pa mamita pafupifupi 490 kuchokera poyambira msewu. Koma pamalopo tinyumba tapanikizana koyambirira, ndipo kumapeto kuli bwalo lalikulu la fakitale. Nyumba 50 ili pa mamita 200. Kadontho kasokera ndi mamita 290.

Kusokera kumeneku kumapweteka mosiyana malinga ndi mtunda womwe mukuyeza. Ngati chipatala chili mamita 300 musanalowe mumsewuwo, pamzere womwewo, mtunda weniweni ndi mamita 500 koma inu mupeza 790. Mwawonjezera ndi 58 peresenti, ndipo ngati mumawerenga nyumba zomwe zili mkati mwa mamita 600 kuchokera kuchipatalako, iyi mwaitaya kunja. Pa ulendo wa makilomita 50, mamita 290 omwewo safika ndi peresenti imodzi yomwe.

Mbali imene kadontho kasokerera nayonso ndi nkhani. Kakasunthira kutsogolo kapena m'mbuyo pamzere wopita komwe mukuyeza, mamita onse 290 amalowa mu yankho. Kakasunthira cham'mbali, pa mtunda wa makilomita 5 yankho limangosintha ndi mamita 8. Izi ndi za mzere woongoka. Mukamayeza motsata misewu zimaipa, pakuti pulogalamu imakokera kadontho ku msewu wapafupi. Kakangogwera tsidya lina la mtsinje kapena la njanji, ulendo umakazungulira pamlatho, ndipo kusokera kwa mamita 40 kukhoza kubala makilomita.

Njira yachitatu ndi kukaima pakhomo ndi foni. Panja poyera, GPS ya foni imaphonya ndi mamita ochepa, kawirikawiri pafupifupi 5, ngakhale pakati pa nyumba zosanja imasokonezeka chifukwa chizindikiro chimanjanja pamakoma. Ubwino wake wina ndi woti mumalemba pachipata polowera, osati pakati pa denga, zomwe zimasiyana kwambiri pa sukulu kapena chipatala chachikulu. Koma maadiresi 3,000 simungawayendere onse.

Ine ndimatere: mtunda ukakhala wa makilomita makumimakumi, Nominatim imandikwanira. Ukakhala wosafika makilomita awiri, ndimangokhulupirira `ROOFTOP` kapena `place_rank` 30, ndipo otsalawo ndimawaika pamapu ndi dzanja kapena kukawayeza ndi foni. Ndisanawerenge mtunda uliwonse, ndimasanja mndandanda potsata latichudi n'kuona ngati pali manambala obwerezedwa. Maadiresi 20 osiyana akakhala ndi manambala amodzimodzi, ndiye kuti onse aunjikidwa pakati pa tauni, ndipo mtunda pakati pawo utuluka 0. Ndimaonanso ndondomeko ya manambalawo, chifukwa Google imalemba `lat` kenako `lng`, pamene GeoJSON, mtundu wa fayilo yosungiramo malo a pamapu, imayamba ndi longichudi. Mukawasinthanitsa, nyumba ija imakapezeka kudziko lina kapena pakati pa nyanja.