Reji ya mayi ikakanidwa, yang'anani makona anayi a chithunzi

Abale amene muli ku Joni, ajenti a katundu wa pa basi ndi ma apu otumizira ndalama ali ndi mawu amodzi okha akakana pepala: "chithunzi sichikuoneka bwino". Chalakwika n'chiyani, sanena. Mayi wina wa ku Chadiza anakwera ulendo wa ku Chipata katatu chifukwa cha mawu amenewa. Mwana wake anatumiza mabulangete ndi mbaula, ajenti nafuna chithunzi cha lisiti ndi cha reji. Lisiti anaijambula chopendekeka pa tebulo loyalidwa chitenje, chala chachikulu chitagwira pepala. Katundu anagona sabata yathunthu, ndipo potulutsa anamulipiritsa ya kusungira imene sinatchulidwe potumiza. Kumeneko n'kuba, tisabise.

Komabe chithunzicho chinalidi choipa. Foni ikapendekeka, mbali ya pepala imene ili kutali imaoneka yopapatiza, yapafupi yotakata. Mukadula ndi Crop wamba, bokosi lake ndi lowongoka, choncho mwina tebulo litsala m'mbali kapena mudula nambala ya lisiti. Chofunika ndi kudula kumene kona iliyonse imayenda payokha. Mupeza zimenezi pa Scan, mbali ya foni kapena apu yojambulira mapepala, ndipo m'mafoni ena pali Perspective mkati mwa Crop. Kokerani timadontho tinayi, kalikonse pa kona yake ya pepala, mukuyang'ana pa kagalasi kokulitsa ngati katuluka. Foni idzatambasula mbali yopapatiza ija, pepala n'kuwongoka, tebulo ndi zala za kunja n'kuchoka.

Mukatero yang'anani chidindo. Chozungulira chikasanduka dzira, pepala lakokedwa mbali imodzi. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, ndiye likatuluka ngati sikweya, bwerezani. Chala chimene chaphimba zolemba sichichoka, ndipo pepala lopindika siliwongoka, chifukwa njirayi imayesa kuti pepala ndi lathyathyathya. Lisiti ya m'thumba yambani mwaipsinja ndi buku. Mukajambulanso mopendeketsa kwambiri, zilembo za kutali zimafufutika potambasulidwa, 3 n'kuoneka ngati 8.

Pa reji samalani. Lisiti mutha kudulira m'mphepete mwenimweni, koma pa reji siyani kampata pang'ono kuti makona onse anayi aoneke, apo ayi amati mwabisa china. Pulasitiki yake imanyezimira, choncho zimitsani fulashi, muiike pa nsalu yakuda yopanda maluwa pafupi ndi khomo masana. Ma apu ena salandira n'komwe chithunzi chokonzedwa, amafuna mujambulire momwemo. Pamenepo gwirani foni molunjika pamwamba pa reji.

Ajenti mmodzi wa pafupi ndi msika wa Kapata amauza anthu kuti atumize pa WhatsApp ngati Document, kuti chithunzi chisafinyidwe manambala n'kusokonekera. Ameneyo katundu mupatseni.