Mipopi yonyezimira ya pa hadiweya ya pa boma: zogwirira gulani, mpopi muyambe mwaukanda

Mnyamata wa pa kauntala pa shopu ina ya hadiweya pa boma la Mangochi anatiyang'ana m'maso n'kunena kuti mpopi wa pa sinki ndi wa bulasi weniweni. Linali bodza, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba.

Nyumba yathu ya ku Mpondasi inali itafika pomaliza, ndalama zitapita ku simenti ndi matailosi pa mitengo yomwe nonse mukuidziwa. Kunatsala mipopi ndi zogwirira zitseko, ndiye mpamene ine ndi bambo akunyumba tinasiyana maganizo. Iwo ankafuna mipopi yachikale yachikasu ija, yozungulitsa pamwamba, yokhala ndi washala wa labala mkati. "Amayi, uwu ukayamba kudontha ndingosintha washala ndekha ndi sipanala," anatero. Ine ndinkafuna wa khosi lalitali, wotsegula pongokankha kachitsulo, kuti ndowa ndi mphika waukulu zizilowa pansi pake. "Abambo, chambo ndimakonza ndine. Manja ali mamba okhaokha ndizizungulitsa chiyani?" Anaseka, n'kuti kubafa ndi panja aika yawo, kukhitchini ndiike wanga. Pa zogwirira ankafuna zozungulira ngati za m'maofesi, ine ndinati dzanja la sopo limaterera pamenepo, ndipo mayi anga akabwera sangazipotokole. Anagonja, koma anati mtundu asankha okha, ndipo anasankha zakuda.

Mpopi wangawo sunathe ngakhale dzinja limodzi. Unayamba ndi timatuza pa khungu lonyezimira lija, cha m'munsi pomwe madzi amakhalira, kenako tinasupuka n'kusiya zoyera ngati phulusa. Tsiku lina m'mawa ndikutembenuza khosi lake kuti nditunge m'ndowa, unathyokera pa mazinga, pansi pa sinki penipeni. Madzi a m'thanki anathamanga m'kabati, ananyowetsa ufa ndi mpunga, matabwa a kabati yatsopano n'kufufuma. Ndinachita kuthamangira panja kukatseka pa thanki chitenje chili chonyowa.

Pulambala atabwera anandionetsa pothyokapo. Chitsulo chake chinali chotuwa, chokhala ngati mchenga woumbidwa, osati chachikasu. Anati ndi zinki wokutidwa pamwamba, ndipo akakumana ndi madzi amchere ngati a pa chitsime chathu amadyeka mkati mpaka mazinga kufooka. Anandiphunzitsa kuyesa: kandani ndi nsonga ya kiyi mkati mwa mazinga, pomwe sipaoneka. Pakatuluka chikasu ndi bulasi, pakatuluka kutuwa ndi zinki. Munyamulenso m'manja mipopi iwiri yofanana kukula, wa bulasi umalemerapo. Maginito musadalire, sagwira zonse ziwiri. Mpopi wa bambo wa panja, womwe umapsa ndi dzuwa la kuno tsiku lonse, unangoda khungu koma sukudontha.

Tinabwerera ku shopu ndi lisiti komanso zidutswa m'jumbo. Mnyamata uja anati pulambala wathu ndiye anamanga mopyola muyeso, ndipo katundu wotuluka sabwezedwa. Sanayang'ane n'komwe pothyokapo, maso ali pa foni. Izi ndi zomwe zimandipweteka mpaka lero, kuposa ufa uja. Bambo, omwe akanatha kundiuza kuti ndinanena ine, anangotenga kiyi wa njinga n'kukanda mpopi wina wa pa shelefu pamaso pake. Panatuluka kutuwa.

Mwini shopu, bambo wachikulire, anamva phokoso n'kutuluka. Iyeyu ndiye wandichititsa kuti ndisanene kuti musapiteko. Anayang'ana zidutswazo, anavomera kuti si bulasi, ndipo anachotsa mtengo wa wothyokawo pa mpopi wina wa khosi lalitali wolemera bwino, ife n'kuwonjezera pamwamba. Anatichenjezanso kuti mipopi yokankha imatseka ndi timbale tiwiri tolimba mkati, ndipo mchenga wa m'chitsime ukatikanda mpopi umadontha osasiya, choncho tiike sefa pa paipi yochokera ku thanki. Tinaika. Za kabati sanalipire.

Zogwirira zitseko ndilibe nazo dandaulo. Zimamangidwa ndi mabawuti odutsa chitseko kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, osati timasikuluwu tongoluma thabwa, choncho ana akamalendewera sizigwedera, ndipo chogwirira chimabwerera m'malo mwake ukachisiya. Utoto wakudawo wayamba kuyera pa chitseko cha kubafa chokha, pomwe timagwira ndi manja onyowa. Bambo akuti adzapakanso okha, ine ndikuti tisinthe chimenecho ndi chachitsulo chosapaka, ndipo nkhaniyi sitinaimalize.

Mukapita kumeneko funsani mwini wake, mnyamatayo musamumvere, ndipo kiyi akhale m'manja.