Kuika mawu ndi matanthauzo ake m'tebulo: Word kapena Excel?

Anthu amafunsa kawirikawiri njira yosandutsira mndandanda wa mawu ndi matanthauzo, wolembedwa mondondozana ngati nkhani, kukhala tebulo la madanga awiri. Ambiri amathamangira Excel, ndipo n'komwe amakakhumudwa.

Text to Columns ya Excel imadula paliponse pamene yapeza chizindikiro chimene mwaiuza. Taonani mzere uwu: "Selo: kachigawo kakang'ono ka chamoyo. Mitundu yake: ya zomera ndi ya nyama." Mukasankha timadontho tiwiri (:), mzerewu ugawika patatu, mchira wa tanthauzo n'kugwera m'danga lachitatu. Chowawa kwambiri n'chakuti tanthauzo longa 1/2 ikhoza kulisandutsa deti mwakachetechete, pokhapokha mutasankha Text pa sitepe yachitatu. Komanso imafuna kuti liwu lililonse likhale kale pamzere wakewake, pomwe vuto lathu ndi lomwelo.

Convert Text to Table ya Word, yopezeka pa Insert kenako Table, nayonso payokha siichenjera. Bokosi la Other limalandira chizindikiro chimodzi chokha, ndipo mzere umodzi wokhala ndi timadontho kawiri umakwanira kuwonjezera danga patebulo lonse. Mukaona Number of columns yalemba 3, imani pomwepo.

Word imapambana chifukwa cha Find and Replace, ngati mawu otanthauziridwawo analembedwa ndi zilembo zonenepa. Dinani Ctrl+H, bokosi la Find what mulisiye lopanda kanthu koma mudinemo Ctrl+B kuti pansi pake paoneke Font: Bold. Mu Replace with lembani izi, kenako mudine Replace All:

```
^p^&^t
```

Apa `^p` akuyambitsa ndime yatsopano, `^&` akubwezera liwu lomwe lapezekalo, ndipo `^t` akuika Tab pambuyo pake. Ndime imodzi yaitali ija imaphwanyika, liwu lililonse pamzere wake, timadontho ta m'kati mwa tanthauzo osakhudzidwa. Ta pambuyo pa liwu timatsalira: ngati sitinali tonenepa, chotsani Bold ija m'bokosi, mufufuze `^t:` n'kuikapo `^t`. Mukatero sankhani zonse, tsegulani Convert Text to Table, musankhe Tabs, muone kuti madanga ndi 2.

Njirayi ili ndi pogwera pake. Liwu la mbali ziwiri limene mpata wapakati pake sunanenepetsedwe limatuluka ngati mawu awiri, loyambalo lopanda tanthauzo. Liwu lonenepetsedwa m'kati mwa tanthauzo pofuna kutsindika nalo limadzitengera mzere wake. Zonsezi zimaoneka msanga mukayendetsa maso m'danga lamanja: fufuzani malo opanda kanthu ndi matanthauzo othera panjira. Mutu wa pamwamba ukakhala wonenepa, sankhani mndandanda wokha, osauphatikiza mutuwo, musanadine Ctrl+H.

Excel isiyireni ntchito yosanja tebulo likatha, ngakhale Word nayo ili ndi Sort.