Tecno, Samsung kapena iPhone: waranti ya ndani imafika ku Mchinji?

Msuweni wanga wa kwa Kamwendo atagulitsa soya chaka chino anabwera pa Boma ali ndi ndalama ya foni m'thumba. Anali atapeza kale mafoni awiri a Samsung a mtundu umodzi, onse ali m'katoni. Ina inali m'shopu ya ku Lilongwe, ina inali ndi mnyamata wina amene amapikula katundu kunja, ndipo iyi inali yotsikirako mtengo. Ogulitsa onse awiri anamuuza kuti waranti ilipo. Iye anangondifunsa kuti, "Achimwene, poti dzina ndi limodzi, waranti si imodzinso?"

Ndinamuyankha kuti ayi. Mawu oti waranti akamatuluka pakamwa pa wogulitsa amatanthauza zinthu ziwiri zosiyana. Pali lonjezo la mwini shopu, loti foni ikavuta m'masiku akutiakuti mubweze, ndipo limeneli limatha tsiku limene shopuyo yatsekedwa kapena mwini wake wasintha nambala. Palinso lonjezo la kampani yopanga foniyo, lomwe limayenda ndi nambala ya foni yeniyeniyo, osati ya simu, yotchedwa IMEI. Lachiwirili ndilo tikuyerekeza pano, ndipo lili ndi kamsampha kake: makampani ambiri amalimangirira ku dziko kapena chigawo chimene foniyo anaitumizako kuti ikagulitsidwe. Kwa ife a m'malire nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa mafoni a m'matumba mwathu ena anadzera ku Chipata, ena ku Joni, ena ku Dubai.

Ndiyambe ndi Tecno, Itel ndi Infinix. Mayina ndi atatu koma mwini wake ndi mmodzi, kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, m'dziko la China, ndipo malo okonzera ndi amodzinso, otchedwa Carlcare. Kampaniyi inakulira pa msika wa mu Africa, choncho okonza ake anawayika kufupi ndi anthu amene amagula. Tecno imadziwika ndi waranti ya miyezi 12 kuwonjezapo umodzi, kukhala 13. Chimene ndimaikondera ndi chakuti munthu utha kudziwa zoona usanatulutse ndalama. Imbani izi pa foniyo:

```
*#06#
```

Patuluka IMEI ija, nambala ya manambala 15. Yang'anani ngati ikufanana ndi yolembedwa pa katoni, kenako ilembeni pa tsamba la Carlcare kapena mu apu yawo, pamalo ofufuzira waranti. Mukapeza kuti masiku anayamba kale kuwerengedwa miyezi ingapo yapitayo, ndiye kuti mwina foniyo wina anaigwiritsapo ntchito, ngakhale pulasitiki ya pa katoni ikhale yonyezimira. Apu yomweyo imaonetsa malo okonzera amene ali pafupi. Musayembekezere kuti akhala pa Boma pano. Konzekerani ulendo wa msewu wa M12, makilomita pafupifupi 110 kukafika ku Lilongwe. Komabe ulendo umenewo ndi wa tsiku limodzi pa minibasi, wopanda pasipoti.

Samsung ndiye yofunika kuikhalira pansi, chifukwa pa pepala imaposa anzake koma imasankha. Ku Joni ndi ku Kenya mafoni ake amakhala ndi waranti ya miyezi 24, zaka ziwiri zathunthu, pamene m'maiko ena ambiri ndi chaka chimodzi. Kungoti waranti yake imatsata chigawo. Foni iliyonse ya Samsung ili ndi zilembo zitatu zosonyeza msika umene anaipangira, ndipo wokonza wovomerezeka akalowetsa IMEI mu kompyuta amaona pomwepo ngati ili ya kuno kapena ya kwina. Ikakhala ya kwina akhoza kuikonza ndithu, koma mulipira ngati munthu wopanda waranti.

Ndi msuweni wanga uja tinachita chonchi. Tinapempha mnyamatayo kuti ayatse foni, tinalowa mu Settings, kenako About phone, kenako Software information, n'kutsika mpaka pamzere wolembedwa Service provider software version. Pamenepo pamakhala timagulu ta zilembo zitatuzitatu tolekanitsidwa ndi kamzere kopendama. Toyambirira timasintha malinga ndi simu imene mwaikamo, koma kagulu komaliza ndi ka kufakitale. Pa foni ya mnyamatayo panalembedwa XSG, kutanthauza msika wa ku United Arab Emirates, komwe kuli Dubai. Ikanakhala ya ku Joni tikanaona XFA kapena XFE. Ya ku India imakhala INS. Foniyo inali yeniyeni, yatsopano, yopanda chilema. Mnyamatayonso sananame, waranti inalipodi. Koma inali waranti yoti ukaipeze ku Dubai.

Apa mpamene tinawerengera. Tiyerekeze kuti ya ku Lilongwe ndi K520,000 ndipo ya mnyamata ndi K470,000. Kusiyana kwake ndi K50,000, ndalama yoti munthu wa kumudzi sangaitaye dala. Funso ndi lakuti K50,000 imeneyo ikugula chiyani. Ngati foni yangofa yokha mwezi wachisanu ndi chitatu, osagwa, osanyowa, vuto nthawi zambiri limakhala pa bodi ya m'kati kapena pa galasi, ndipo ziwalo ziwirizi ndi zimene zimadya gawo lalikulu la mtengo wa foni. Wokhala ndi waranti yogwira ntchito amangolipira thiransipoti. Wopanda amagula chiwalo, kapena amangoisiya foniyo m'dilowa. Msuweni wanga anasankha ya ku Lilongwe, koma ndinamupatsa mafunso awiri oti akafunse asanalipire: zilembo zomaliza zija ndi ziti, ndipo foni ikafa amaitumiza kwa wokonza uti, dzina ndi malo ake. Wogulitsa amene amatenga katundu kwa ajenti wovomerezeka sachedwa kuyankha. Amene ayamba zoti "musadandaule bwana, tidzaona pomwepo" ndiye kuti waranti yake ndi ya pakamwa.

Wina angafunse za foni yogula ku Chipata, poti kwa ife ndi kufupi kuposa ku Lilongwe. Ubwino wake ndi woti wogulitsayo mutha kumubwerera m'mawa n'kubwerako masana. Koma musaganize kuti lisiti la ku Zambia lilandiridwa kulikonse kuno; funsani kaye kwa wokonza wa ku Lilongwe, mutamupatsa IMEI, ngati foni yotero amailandira pa waranti. Akakana, dziwani kuti njira yanu yokonzera ndi yodzera pa Mwami, ndipo mwina foniyo idzapitirira mpaka ku Lusaka.

Za iPhone sindichulutsa. Apple imapereka chaka chimodzi, ilibe shopu yakeyake mu Africa yonse, ndipo m'malamulo a waranti yake inalembamo kuti ikhoza kukonzera foni m'dziko lokhalo limene inagulitsidwa poyamba. Kuwonjezera apo, ma iPhone ambiri amene amafika kuno ndi a kaunjika, chaka chija chinatha kalekale. Kufufuza n'kosavuta: tengani Serial Number mu Settings, General, About, n'kuilemba pa checkcoverage.apple.com. Pomwepo yang'ananinso Model Number. Ikayamba ndi M ndi yatsopano, ikayamba ndi F ndi yochita kukonzedwanso ndi kampani, ikayamba ndi N ndi imene munthu anapatsidwa m'malo mwa yake yowonongeka. Ikathera ndi LL/A ndi ya ku America, ndipo za kumeneko kuyambira iPhone 14 ya 2022 zilibe polowetsa simu. Ena amaona ZA/A n'kumati ndi ya ku South Africa, pamene zilembo zimenezo ndi za misika ya ku Asia. Ine ndimati wogula iPhone ku Mchinji agule akudziwa kuti chomuteteza ndi lonjezo la womugulitsa basi, ndipo lonjezolo lilembedwe.

Chodabwitsa n'chakuti pa malaputopu zinthu zimafewerapo. Dell imalola kusamutsa waranti kuchoka dziko lina kupita lina polemba fomu pa tsamba lawo, pogwiritsa ntchito Service Tag, nambala ya zilembo 7 yomwe ili kunsi kwa makina. Lenovo ili ndi dongosolo la waranti yodutsa malire pa mitundu ina, makamaka ThinkPad. HP imati imakonza m'dziko lililonse limene ili ndi wokonza wovomerezeka wa mtundu womwewo wa makina. Chomata cha kunsi chikafufutika, nambala imapezeka polemba izi mu PowerShell, pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo:

```
Get-CimInstance Win32_BIOS | Select-Object SerialNumber
```

Koma apanso malaputopu ambiri otsika mtengo ndi opuma pantchito m'maofesi a kunja, zaka zawo za waranti zinadutsa, ndiye palibe chosamutsa.

Pali zinthu zimene makampani onsewa amagwirizana, ndipo ndi zimene zimagwetsa anthu ambiri kuposa nkhani ya malire. Galasi losweka silili pa waranti wamba. Madzi nawonso ayi: m'mafoni ambiri muli kachomata koyera, kawirikawiri pafupi ndi polowera simu, kamene kamafiira kakanyowa, ndipo wokonza amayamba kuyang'ana pamenepo musanamalize n'kufotokoza komwe. Foni yopsa chifukwa magetsi abwera mwamphamvu atazima, kapena chifukwa cha tchaja yachinyengo, amaikananso. Choopsa kwambiri ndi chizolowezi chathu chothamangira kwa wokonza wa pamsika foni ikangoyamba kuvuta. Anyamata amenewo ambiri ndi aluso, ine ndemwe amandithandiza, koma akangoitsegula waranti yatha. Ngati masiku akadalipo, foni iyambe yaonedwa ndi wovomerezeka. Pamsika mupite pambuyo.

Lisiti nalo lisakhale kapepala kolembedwa "foni imodzi" basi. Likhale ndi tsiku, dzina la shopu ndi IMEI, ndipo mulijambule tsiku lomwelo chifukwa inki ya malisiti a makina imazimiririka pakapita miyezi. Popanda lisiti, wokonza amawerengera masiku kuchokera pa zimene kompyuta yake ikuonetsa, zomwe zingakudyereni miyezi imene foniyo inakhala pa shelefu. Lisitilo ndi limenenso mungaonetse ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission ngati shopu ya m'dziko muno yakugulitsani chinthu chowonongeka n'kumabisala kuseri kwa chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa. Bungweli mphamvu zake zimathera m'malire a Malawi. Wa ku Chipata kapena wa ku Dubai silingamugwire.

Tsono mukandifunsa kuti ndingaike ndani patsogolo kwa munthu wokhala ku Mkanda kapena ku Kapiri amene akufuna foni yoti ikafa asalire kawiri, ndinena Tecno, Itel kapena Infinix yatsopano, yoti IMEI yake mwaifufuza. Samsung ndimaiika pambali pake, mwinanso pamwamba, pokhapokha zilembo zitatu zija zili za msika wa mu Africa ndipo wogulitsa watchula wokonza amene mwamuimbira n'kuvomera. Ikakhala ya XSG kapena INS, igulenibe ngati mtengo wakukomerani, koma munenerere ngati foni yopanda waranti, ndipo K50,000 mwapulumutsayo muisunge ya kwa wokonza.