Patha miyezi 8 ndikulipira umembala pa YouTube, nazi zomwe ndaona

"Achimwene linki munanditumizira ija ikukana, chithunzi chikuoneka bwinobwino koma vidiyo siyikuseguka, chonsecho ndinasabusikiraiba kalekale. Ndi bandulo kapena?"

Si bandulo mphwanga, usawononge ndalama kugula ina. Ndinalakwitsa ndine kukutumizira, ndinayiwala kuti ija ndi ya mamembala okha. Tayang'ana pansi pa mutu wake, pali kachizindikiro kobiriwira kolembedwa `Members only`, ndiye loko wake ameneyo.

Kusabusikiraiba ndi kujoina ndi zinthu ziwiri. Batani la `Subscribe` ndi laulele, ntchito yake ndi yoti mavidiyo a munthuyo azikupeza basi. La `Join` ndi lolipira mwezi ndi mwezi, ndipo umalipira tchanelo chimodzi chokhacho. Ine ndinajoina cha m'bale wina wophunzitsa kukonza mafoni, poti kuno ku Joni ndiye ntchito ikundidyetsa, ndipo mavidiyo ake aataliwo, osonyeza kuwotcherera tizipangizo ta pabodi, amaika kwa mamembala. Mwini wake ndi amene amasankha pokweza vidiyo kuti iyi aliyense aone, iyi olipira okha. Mutu ndi chithunzi amasiya poyera dala kuti mate adze mkamwa ujoine, ndi bizinesi.

Linki payokha sitsegula kanthu, chilolezo chimamatirira pa akaunti imene inalipira. Anthu amasokoneza ndi `Unlisted`, ija ukangokhala ndi linki umaonera ndithu. Iyi ayi, ungatumize mugulupu la anthu 200 onse aima pakhomo. Ngakhale uja wolipira YouTube Premium naye amaipeza yokhoma, Premium imachotsa zotsatsa malonda koma umembala wa tchanelo ndi thumba lina.

Chomwe sindinkadziwa poyamba ndi choti ngakhale membala amakhomeredwa. Tchanelo chomwe ndinajoinachi chili ndi magawo atatu, ine ndinalowa lotchipa. Sabata yachiwiri ndikuona vidiyo yokonza foni yosatchaja, kasitomala akudikira pa benchi, ndikudina, basi uthenga `This video is available to this channel's members on level:` kenako dzina la gawo lapakati. Ndinapsa mtima koma nditawerenga bwino zinalembedwa kale pomwe ndimajoina, ndine amene ndinathamanga. Gawo lapamwamba limaona zonse za m'munsi, wapansi saona za pamwamba. Ndinakwera lapakati, ndili pomwepo mpaka lero. Ndiye ukamajoina werenga kaye kuti mavidiyo ali pa gawo liti, ena gawo lotchipalo amangokupatsa kabaji pambali pa dzina ndi timaimoji, vidiyo olo imodzi.

Kawiri konse zinandikhomekera ndili membala kale. Koyamba ndinali pa laputopu ya pashopu, vidiyo yomwe ndinaonera dzulo lake pafoni ikundiuza ndijoine, ndinatsala pang'ono kulipira kachiwiri, kenako ndikuona kachithunzi pakona sikanga, inalowa ndi imelo ya shopu. Kusintha akaunti basi yatseguka. Kachiwiri khadi langa linatha masiku ine osazindikira, ndalama sinadulidwe. Ukafuna kudziwa vuto lili pati pita pa `youtube.com/paid_memberships`, ngati tchanelocho sichikuoneka pamenepo ndiye kuti uli pa akaunti yolakwika kapena umembala unatha. Ukakansela wekha sakutsekera pompo, umaonerabe mpaka tsiku lomwe unayenera kulipiranso, likadutsa zonse zimakhomeka, ndi zomwe unaonera kale zomwe. Apa mpomwe pamandiwawa, miyezi 8 ya ndalama koma palibe yomwe ndinganene kuti ndi yanga, zili ngati nyumba ya lendi.

Nanga ndapindula? Miyezi itatu yoyamba kwambiri, ndinali ndi mulu wa mavidiyo akale oti ndionere, ndipo vidiyo ya kutchaja ija yokha inabweza ndalama ya mwezi. Panopa akutulutsa imodzi kapena ziwiri pamwezi, zina mwa izo ndi zija zolembedwa `Members first`, zomwe mamembala amangoyamba kuonera kenako zimatsegukira aliyense. Kulipirira kuti uone msanga za foni yomwe sinabwere n'komwe pashopu, mmm, ndikuganiza zotsika gawo mwezi wamawa. Chimandigwira mtima ndi choti pa ndalamayo, msonkho ndi zodula zina zikachotsedwa, mwini tchanelo amatenga 70 pa 100 iliyonse, ndipo m'baleyu amayankha mafunso athu mu makomenti.

Kwa iwe, ona kaye ngati `Join` akuoneka pa foni yako, poti umembala sunafike m'maiko onse komanso pamafunika njira yolipirira imene YouTube imalandira. Akaoneka, joina mwezi umodzi, onera zonse ukulemba mu kope, kansela. Pasiwedi yanga yokha usandipemphe, imelo imeneyo ndi yomwe ili ndi zonse za kubanki.