Kulankhula mukuyenda kapena kuika mawu pambuyo: vidiyo ya nyumba yogulitsa

Chigulitsireni nyumba ya malemu bambo ku Kalongwezi, ku Chipata, anzanga sakundipumitsa ndi funso limodzi: pojambula vidiyo yotumizira ogula a ku Lusaka, muzilankhula mukuyenda m'zipinda, kapena mujambule duu, mawu muike pambuyo? Ndinayesa zonse ziwiri.

Kulankhula mukuyenda n'kwachangu, ndipo sikufuna luso. Ubwino wake wathera pomwepo.

Chimene chinandipweteka ndi ichi. Nyumba yogulitsa imakhala yopanda mipando ndi makatani, pansi matailosi okhaokha, ndiye mawu amagunda khoma n'kubwerera. Ine ndili m'katimo sindinamve vuto. Nditasewera vidiyoyo madzulo, zinkamveka ngati ndikulankhulira m'chitsime. Pabalaza, pamene ndinanena kuti nyumbayo ili ndi taitolo ya zaka 99, mawu ofunika kuposa onse, panangomveka phokoso. Kunja nako mphepo ya mu Ogasiti inkawomba pa foni. Mnyamata amene ndinamulipira K300 kuti ajambule anati kubwereza ndi K200 ina, chinthu chimene sanatchule pogwirizana mtengo. Mpaka lero zimandiwawa.

Ulendo wachiwiri ndinayamba ndi pepala. Masekondi 90 ndinawagawa motere: geti ndi maonekedwe a kutsogolo 10, pabalaza 15, khichini 15, zipinda zogona zitatu 10 chilichonse, bafa 10, kuseri 10. M'masekondi khumi mumakwana ziganizo ziwiri zazifupi basi, choncho chipinda chilichonse ndinachipatsa mfundo imodzi, ya zimene diso silingaone. Kunena kuti "ichi ndi chipinda chogona" n'kutaya nthawi. Ndinkati: "Mamita 4 kwa 3 ndi theka, zenera limayang'ana kum'mawa." Pageti ndinatchula kukula kwa puloti ndi taitolo, kuseri thanki ya malita 2,000, mtengo wa nyumba n'kumalizira.

Ndinajambula m'mawa, ndikuima pakhomo la chipinda kaye, kenako n'kulowa pang'onopang'ono, zenera lili kumbuyo kwanga kuti m'kati musade. Batani la 0.5x la pa kamera ya foni ndinalisiya, chifukwa limakuza chipinda, ndipo munthu amene wayenda ulendo wonse wa basi n'kupeza kachipinda sakukhulupiriraninso. Mawu ndinawajambulira m'galimoto, magalasi otseka, n'kuwalumikiza ndi zithunzi mu pulogalamu ya CapCut. Chiganizo chikalakwika mumangobwereza chomwecho, osabwereranso kunyumbako.

Njirayi ili ndi vuto lake: mawu owerenga papepala amauma ngati chilengezo cha pa wailesi, ndipo kuwagwirizanitsa ndi zithunzi kunandidyera madzulo athunthu. Komabe ine ndili kumbali imeneyi. Malo amodzi okha ndi amene ndinasiya phokoso lenileni, kubafa, pamene ndinatsegula mpopi kuti wogula adzimvere yekha mphamvu ya madzi. Amene anagula nyumbayo atafika, anayamba n'kukatsegula mpopi womwewo.