Kapulogalamu kolosera tsiku lomaliza ntchito: n'kabwino, koma kali ndi mpata umodzi waukulu

Gulu lathu lagwiritsa ntchito kapulogalamu aka kwa miyezi ingapo, ndipo ndikukapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Sikafunsa aliyense kuti aganize kuti ntchito yakuti itenga maola angati. Kamangofuna zinthu ziwiri: ntchito zimene munamaliza sabata iliyonse m'mbuyomu, ndi chiwerengero cha zimene zatsala.

Ife tinaika masabata khumi awa: 3, 5, 2, 6, 4, 0, 7, 4, 3, 6. Zotsala zinali 40. Munthu akawerengera pamutu amati ntchito 4 pa sabata, ndiye masabata 10 basi. Pulogalamuyi imachita ngati maere, njira imene amaitcha Monte Carlo. Imatola nambala imodzi mwa khumi zija mwachisawawa, n'kunena kuti iyi ndi sabata yoyamba, kenako imaibwezera n'kutolanso ina, mpaka zitakwana 40. Imalemba masabata amene apita, n'kuyambiranso, maulendo 10,000. Amene amadziwa Excel akhoza kuika manambala khumi aja m'mabokosi A2 mpaka A11, n'kutola yekha motere:

```
=INDEX(A2:A11, RANDBETWEEN(1,10))
```

Zotsatira zake ndi zimene zinandikopa. Masabata 10 aja anakwana pa maulendo ongopitirira theka pang'ono, kutanthauza kuti kulonjeza tsiku limenelo kunali pafupifupi kutchova njuga. Kuti tifike pa 85 peresenti panafunika masabata 12, ndipo 95 peresenti inali pa 13. Kasitomala tinamuuza 12. Sabata ya 0 ija, imene tonse tinatanganidwa ndi kukonza zowonongeka, ena ankafuna tiichotse chifukwa akuti ikuipitsa nambala. Musaichotse ayi, masabata otero adzabweranso.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa pulogalamuyi imatenga 40 ija ngati nambala yosasintha. Komatu ntchito yaikulu ikangoyambika imagawika kukhala ziwiri kapena zitatu, ndipo manambala akale aja amawerenga ntchito zogawidwa kale, pomwe zotsalazo n'zosagawidwa. Malo oikapo kukula kumeneku mulibe. Ndinayesa ndekha kusintha 40 kukhala 50, ndipo tsiku la 85 peresenti linachoka pa masabata 12 kufika pa 15. Masabata atatu si nkhani yaing'ono kwa munthu amene walonjeza kale. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: masabata akupita, ntchito zikumalizidwa, koma tsiku loloseredwa likungosunthira kutsogolo.

Muyang'anenso zimene ikuwerenga ngati zomalizidwa. Kwa ife inaphatikizamo ntchito zimene tinangozitseka chifukwa zinali zobwereza, moti tinachita kuzisefa pamanja. Ndipo anthu akachoka kapena kuwonjezeka m'gulu, manambala akale aja sakunenanso za inu; yambani kusonkhanitsa atsopano, ndipo muziloseranso sabata iliyonse.